ODWALA MALUNGO ANALI 361 KAPENA 349? NCHITO YA KUTHA KWA MWEZI PA KILINIKI YA KUMUDZI

Aliyense amene anapitapo ku kiliniki ya kumudzi m'masiku oyamba a mwezi anaonapo cinthu ici: odwala atatha, mthunzi utatalika, anesi aakulu sapita kunyumba. Amakhala pa thebulo atazunguliridwa ndi mabuku akuluakulu ndi mulu wa mapepala, pensulo ili m'manja, milomo ikugwedera monga munthu amene akuwerenga matumba a cimanga pa depoti. Ena mwa ife timaganiza kuti ndi nchito ya ukalaliki cabe imene boma linawasenzetsa. Koma pa thebulo limenelo ndi pamene pamayambira yankho la funso lakuti kodi mankhwala a malungo adzafika okwanira miyezi ikudzayi kapena adzatha pakati pa dzinja.

Lero tikufuna kukhala nawo pa thebulo limenelo, kuti tione mmene odwala a mwezi wathunthu amasandukira manambala ocepa olembedwa pa fomu imodzi. Titenga matenda amodzi okha, malungo, popeza ndiwo amadzaza mabenci a makiliniki a ku cigawo ca Kum'mawa m'miyezi ya mvula. Kiliniki imene tikambe ndi yongoyerekeza, ndipo manambala ake ndi acitsanzo, koma njira yake ndi zophophonya zake ndi zomwe zimapezeka pa nchitoyi.

MAPEPALA ATATU

Wodwala akalowa m'cipinda coonera odwala, nkhani yake imalembedwa m'buku lalikulu lochedwa lejisitala. Mmenemo muli tsiku, dzina, zaka, mudzi, matenda amene apezeka ndi mankhwala amene wapatsidwa. Munthu mmodzi, mzere umodzi. Bukuli ndilo mboni yaikulu, ndipo pakabuka mkangano wa manambala onse amabwerera kwa ilo.

Koma kuwerenga lejisitala ya mwezi wonse mzere ndi mzere, matenda ali onse pa okha, kungatenge masiku. Ncifukwa cake pali pepala laciwiri, limene anchito a zaumoyo amalicha tali. Pa pepala limeneli palibe maina a anthu. Pali maina a matenda okha, ndipo kutsogolo kwa dzina liri lonse kuli timaziro tondandalikidwa m'magulu a tisanutisanu. Akapeza wodwala malungo, nesi amadula kaziro kamodzi ndi colembera pa mzere wa malungo, m'danga la msinkhu wa wodwalayo. Timaziro tikatha, amatenga pepala lina. Ubwino wa magulu a tisanu ndi wakuti pa kutha kwa mwezi munthu sawerenga kamodzikamodzi, amangoti 5, 10, 15, 20 mpaka kumapeto.

Pepala lacitatu ndi fomu ya lipoti la mwezi. M'dziko lathu la Zambia fomu ya matenda imachedwa HIA 1, ndipo inzake ya nchito zina monga katemera, sikelo ya amai apakati ndi ubereki imachedwa HIA 2. Mafomu amenewa ndi mbali ya dongosolo losonkhanitsa manambala a zaumoyo limene Unduna wa Zaumoyo unakhazikitsa mu 1996, ndipo akhala akukonzedwa nthawi ndi nthawi. Fomu ikadzazidwa imapita ku ofesi ya zaumoyo ya pa boma m'sabata yoyamba ya mwezi wotsatira. Kumeneko manambala amalowetsedwa m'kompyuta, m'pulogalamu yochedwa DHIS2 imene inapangidwa motsogozedwa ndi yunivesite ya Oslo ku Norway, ndipo akalowa mmenemo akuluakulu a ku cigawo ndi a ku Lusaka amatha kuwaona. Makiliniki ena tsopano amalembera odwala pa kompyuta, koma kumene magetsi ndi osadalirika pepala ndi colembera zikali pa nchito.

Tsono onani: ku Lusaka saona lejisitala, saonanso pepala la tali. Amaona nambala imodzi yokha m'kabokosi. Ngati nambalayo inalakwika pa thebulo la ku kiliniki, kompyuta idzaisunga bwino lomwe ndi kuiphatikiza ndi ya makiliniki ena, osadziwa kuti yanyamula bodza.

KUWERENGA TIMAZIRO

Tiyerekeze kuti mwezi wa Malici watha. Coyamba anesi aakulu amasonkhanitsa mapepala onse a tali a mweziwo. Zimamveka zapafupi, koma apa pomwe ena amagwa. Pepala limodzi lili m'cipinda coonera odwala, lina lili kumene amaonera ana, linanso linagwiritsidwa nchito usiku ndi pa Sabata ndipo lagona m'kabati ya amene anali pa nchito. Pepala limodzi likaiwalika, odwala a masiku angapo amasowa mu lipoti ngati kuti sanadwale konse. Ncifukwa cake pepala liri lonse liyenera kulembedwa pamwamba mwezi wake, tsiku loyambira ndi tsiku lotsekera, kuti powandandalika pa thebulo munthu aone ngati masiku onse 31 alipo. Ndipo pa tsiku loyamba la mwezi watsopano amayamba pepala latsopano, ngakhale lakale likali ndi malo, cifukwa timaziro todulidwa sitinena tsiku limene tinadulidwa.

M'citsanzo cathu tigawa odwala pa misinkhu itatu. Pa mzere wa malungo otsimikizidwa ndi kuyeza magazi, m'danga la makanda osakwana caka cimodzi, apeza magulu 7 athunthu ndi timaziro 2 totsala. Magulu 7 a tisanu ndi 35, kuonjezapo 2 ndi 37. M'danga la ana a caka cimodzi kufikira zaka zinai apeza magulu 23 ndi timaziro 3, ndiye kuti 118. M'danga la a zaka zisanu kupita m'tsogolo apeza magulu 41 ndi kaziro kamodzi, ndiye kuti 206. Onse pamodzi akwana 361.

Munthu wotopa angalembe 37, 118 ndi 206 pa fomu, nasaina, napita kukadya nsima. Koma amene aidziwa nchitoyi sakhulupirira tali yekha. Amatsegula lejisitala nawerenga odwala atsopano amene anapezeka ndi malungo atayezedwa. M'citsanzo cathu apeza 349. Pali kusiyana kwa anthu 12, ndipo fomu siingalembedwe kufikira anthu 12 amenewo atapezeka kumene acokera.

WODWALA WATSOPANO NDI WOBWERANSO

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo ndi pamene inu awerengi mumakhudzidwa. Lipoti la matenda siliwerenga maulendo amene anthu anayenda kupita ku kiliniki. Limawerenga kudwala. Mwana amene wapezeka ndi malungo Lolemba, napatsidwa mankhwala, nabweranso Lacinai kuti anesi aone ngati akupeza bwino, wayenda maulendo awiri koma wadwala kamodzi. Pa mzere wa malungo ayenera kudulidwa kaziro kamodzi kokha, ka Lolemba. Ulendo wa Lacinai umalembedwa padera, ngati wa munthu wobweranso. Koma mwana yemweyo akacira bwinobwino, nadzadwalanso malungo patapita miyezi iwiri, kumeneko ndi kudwala kwatsopano ndipo amawerengedwanso.

Anesi a m'citsanzo cathu ayamba kuyerekeza tali ndi lejisitala, pepala limodzi ndi masiku ake, kufikira aone pamene manambala apatukana. Kuona maso a nkhono nkudekha. M'sabata yaciwiri, pamene panali wophunzira nchito amene anali kuthandiza, apeza kuti anthu 9 amene lejisitala ikusonyeza kuti anali obweranso anadulidwa timaziro pa mzere wa malungo ngati odwala atsopano. Awiri anali makanda, asanu anali ana a caka cimodzi kufikira zinai, awiri anali aakulu. Atsala atatu. Amenewa apezeka pa tsiku lina la msika pamene odwala anaculuka, ndipo anchito awiri anali kuthandizana m'cipinda cimodzi: woyeza magazi anadula timaziro ta akuluakulu atatu, wolemba mankhwala nadulanso ta anthu omwewo pa pepala lake.

Tsopano manambala akonzedwa. Makanda ndi 37 kucotsa 2, kutsala 35. Ana ndi 118 kucotsa 5, kutsala 113. Aakulu ndi 206 kucotsa 2 obweranso ndi 3 odulidwa kawiri, kutsala 201. Kuphatikiza 35, 113 ndi 201 kukupereka 349, cimodzimodzi ndi lejisitala.

Wina angafunse kuti kodi anthu 12 ndi kanthu pakati pa mazana atatu? Pa mwezi umodzi pa kiliniki imodzi si kanthu kwenikweni. Coopsa ndi cizolowezi cimene cabala anthu 12 amenewo. Kiliniki imene imawerenga obweranso onse ngati atsopano idzaoneka caka conse ngati ili m'dera la malungo ambiri kuposa inzake imene imawerenga molondola, ndipo pogawa maneti, mankhwala ndi anthu opopera m'nyumba, a pa boma amayang'ana manambala omwewo. Ndipo kulakwa kwa mbali inayo nakonso kumacitika: tsiku la odwala ambiri nesi amene ali yekha amalemba m'lejisitala koma osadula timaziro, akuti adzadula madzulo, madzulowo kukubwera mai wobereka. Tali wotere amacepa poyerekeza ndi lejisitala, ndipo kiliniki imadzinamizira yokha kuti ili ndi odwala ocepa.

Pali cinthu cina cimene cimasokoneza ngakhale anchito ozolowera. Kacipangizo koyezera malungo ndi dontho la magazi a pa cala, kochedwa RDT, kamatha kusonyezabe mizere iwiri kwa masabata angapo munthu atamwa mankhwala nacira, cifukwa kamazindikira zotsalira za tizilombo zimene zimacedwa kucoka m'magazi. Motero mwana amene anacira malungo masabata awiri apitawo, nabwera ndi kutentha thupi kwa cifuwa, angaoneke ngati wadwalanso malungo. Mai akabisa zakuti mwanayo anamwa kale mankhwala, kapena akasiya kunyumba kabuku kake ka ku cipatala, nesi alibe podziwira. Mwanayo angapatsidwe mankhwala a matenda amene alibe, matenda enieniwo nkutsala, ndipo pa tali padulidwa kaziro kosayenera. Amai ndi abambo, mau akuti "tinabwera sabata yatha" ndi ofunika kuwanena musanafunsidwe.

MBONI YA M'CIPINDA CA MANKHWALA

Lejisitala ndi tali zikagwirizana, pali mboni yacitatu imene siidalira colembera ca m'cipinda coonera odwala. Mboniyo ndi katundu. Munthu aliyense woyezedwa amatha kacipangizo kamodzi, ndipo tizipangizoti timawerengedwa pa khadi la katundu.

Pa 1 Malici kiliniki yathu inali ndi tizipangizo 150. M'kati mwa mwezi inalandira mabokosi 24 a tizipangizo 25 liri lonse, ndiye kuti 600. Pa 31 Malici patsala 128. Ndiye kuti 150 kuphatikiza 600 kucotsa 128, tinagwiritsidwa nchito ndi 622. Buku la zoyeza likusonyeza kuti anthu 349 anapezeka ndi malungo, 266 sanapezeke nawo, pamodzi 615, ndipo tizipangizo 7 tinaonongeka kapena sitinasonyeze mzere wotsimikiza kuti tagwira nchito, kotero kuti anthuwo anayezedwanso. Kuphatikiza 615 ndi 7 kukupereka 622. Mboni zitatu zanena cimodzi.

Zikanakhala kuti lipoti likunena za odwala 349 otsimikizidwa pamene tizipangizo togwiritsidwa nchito ndi 300 tokha, pa kiliniki yopanda maikulosikopu, aliyense akanadziwa kuti pali ena olembedwa kuti anayezedwa pamene sanayezedwe. Otsimikizidwa sangaculuke kuposa oyezedwa. Lamulo limeneli ndi lapafupi, koma likagwiritsidwa nchito limagwira zolakwa zambiri.

Mankhwala naonso ndi mboni, ngakhale kuti ndi mboni yosalunjika kwenikweni. Mankhwala a Kowatemu amabwera m'timapaketi ta mapilitsi 6, 12, 18 ndi 24, malinga ndi kulemera kwa wodwala. Timapaketi ta 12 tikatha, wopereka mankhwala amapatsa mwana timapaketi tiwiri ta 6, ndipo wowerenga mosasamala angaganize kuti ana anali awiri. Komanso wodwala malungo aakulu amabayidwa jekeseni natumizidwa ku cipatala cacikulu. Motero manambala a mankhwala sayenera kufanana ndendende ndi a odwala. Koma ngati odwala ndi 349 ndipo mankhwala otuluka ndi okwanira anthu 500, mutu wa kiliniki ayenera kufunsa kumene enawo anapita.

ZIRO SI CIMODZIMODZI NDI DANGA LOPANDA KANTHU

Pa fomu pali mizere iwiri ya malungo imene siiyenera kusakanizidwa. Wina ndi wa malungo otsimikizidwa, umene tauwerenga kale. Wina ndi wa malungo ongoganiziridwa, ndiye kuti wodwala anapatsidwa mankhwala cifukwa ca zizindikiro zokha, osayezedwa magazi. M'mwezi wa Malici tizipangizo sitinathe, onse anayezedwa, ndipo pa mzere waciwiriwu palibe kaziro kodulidwa. Anesi ayenera kulembapo 0, osasiya danga lopanda kanthu.

Kusiyana kwake nkwakukulu. Ziro akunena kuti tinayang'ana, sitinapeze. Danga lopanda kanthu silinena ciri conse: mwina kunalibe odwala, mwina pepala linasowa, mwina wolemba anadumpha mzere. Wolowetsa manambala pa boma sangathe kulota. Akalemba ziro pamene panali odwala wanama, akasiya lipoti limakhala losakwanira. Pa matenda monga cikuku, ziro wolembedwa mwezi ndi mwezi ndi umboni wakuti kiliniki ili maso.

Tsopano anesi ayang'ana kope la lipoti la Febuluwale kuti ayerekeze. Malungo otsimikizidwa anali 210. Malici ali 349. Munthu woona manambala awiriwa okha angathamange kukauza mfumu kuti malungo abuka, popeza aonjezeka ndi 139 m'mwezi umodzi. Koma pa mzere wa malungo ongoganiziridwa, Febuluwale ali ndi 130. Cinacitika nciani? Tizipangizo tinatha kwa masiku khumi mwezi umenewo, galimoto ya katundu italephera kuoloka mtsinje, ndipo m'masiku amenewo odwala analandira mankhwala osayezedwa. Kuphatikiza 210 ndi 130 ndi 340. Malungo sanalumphe kucoka pa 210 kufika pa 349. Anali pafupifupi pomwepo miyezi yonse iwiri, cinasintha ndi katundu wa m'kabati. Ndiponso 340 ameneyo ndi wokaikitsa, cifukwa pakati pa anthu 130 osayezedwawo ena analibe malungo konse. Taona kale kuti m'Malici, mwa anthu 615 oyezedwa, 266 anapezeka alibe.

Ife tikuona kuti lipoti labwino liyenera kupita ndi mau ocepa ofotokoza zotere, ngakhale pa kapepala komata: tizipangizo tinatha kuyambira tsiku lakuti kufikira lakuti. Mizere iwiri yokha imapulumutsa a pa boma ku kutumiza anthu kukafufuza mliri umene kulibe.

POKOPERA PA FOMU

Manambala akatsimikizika amakopedwa pa fomu, ndipo ngakhale apa ngozi ikalipo. Dzanja lotopa limatembenuza manambala, 113 nkukhala 131. Njira yogwirira colakwa cimeneci ndi kuphatikizanso zimene zalembedwa pa fomu, osati za pa tali. Pa fomu 35, 131 ndi 201 zikupereka 367, pamene tikudziwa kuti ziyenera kukhala 349. Kusiyana ndi 18. Akalaliki akale a mabuku a ndalama anali ndi cinsinsi cimene cimathandizanso pano: kusiyana kukakhala nambala yogawika ndi 9 popanda cotsala, monga 9, 18, 27 kapena 36, yambani mwafunafuna manambala otembenuzidwa. Colakwa cina ndi kutsetsereka mzere, nambala ya matenda ena nkulowa pa mzere wa oyandikana nawo. Rula yoikidwa pansi pa mzere umene ukukopedwa imaletsa zimenezi, ndipo koposa apo ndi anthu awiri, wina kuwerenga mokweza wina kuyang'ana pa fomu.

Cina cimene cimadabwitsa ophunzira nchito ndi cakuti matenda onse a pa fomu akaphatikizidwa angathe kuposa ciwerengero ca anthu amene anabwera. Si kulakwa. Mwana mmodzi angapezeke ndi malungo ndi cibayo nthawi imodzi, ndipo amadulidwa kaziro pa mizere yonse iwiri, koma pa ciwerengero ca anthu obwera ndi mmodzi. Cokaikitsa ndi pamene matenda acepa kwambiri kuposa anthu. Ngati odwala atsopano anali 1,100 koma matenda onse akungokwana 800, ndiye kuti ena mazana atatu anaonedwa osadulidwa timaziro.

Pomaliza mutu wa kiliniki amasaina, fomu imodzi ipita ku boma, kope litsala m'faelo pamodzi ndi mapepala onse a tali. Mapepalawo satayidwa ndipo sayatsira mbaula, cifukwa oyendera a ku boma akabwera amasankha mwezi wina uli wonse, nawerenganso lejisitala, nayerekeza ndi zimene zili m'kompyuta. Dziwaninso kuti pa fomu yopita ku bomayo palibe dzina la munthu ngakhale mmodzi. Maina amatsala m'lejisitala pa kiliniki.

KODI 349 NDI AMBIRI?

Nambala payokha siyankha funso limeneli. Tiyerekeze kuti kiliniki yathu imatumikira anthu 9,800. Tikagawa 349 ndi 9,800 ndi kuculukitsa ndi 1,000, tipeza kuti mwa anthu 1,000 ali onse, pafupifupi 36 anapezeka ndi malungo m'mweziwo. Kiliniki ina ya pafupi ndi mseu waukulu yalemba odwala 500, koma imatumikira anthu 20,000, ndiye kuti 25 mwa 1,000 ali onse. Yokhala ndi odwala ambiri si imene ili ndi bvuto lalikulu.

Koma nambala ya anthu otumikiridwa nayonso ili ndi mabvuto ake. Ya boma imacokera ku kalembera wa anthu, monga amene anacitika mu 2022, pamene makiliniki ambiri alinso ndi ciwerengero cao cimene anthu odzipereka amapeza poyenda khomo ndi khomo, ndipo ziwirizi kawirikawiri sizigwirizana. Kumadera a m'malire monga Chadiza ndi Vubwi, odwala ena amacokera kutsidya, ku Mozambique kapena ku Malawi. Amalowa m'ciwerengero ca odwala koma mulibe m'ciwerengero ca anthu a m'deralo, ndipo zimenezi zimakweza nambala ya pa 1,000. Apa mpamene dzina la mudzi lolembedwa m'lejisitala limathandiza. Wodwala akachula mudzi wa mbale wake wa pafupi poopa kubwezedwa, malungo a kwao amalembedwa pa mudzi wa eni ake.

Tisaiwalenso kuti lipoti limaona okhawo amene anafika pa khomo la kiliniki. Amene anagula mapilitsi pa kantemba, amene anapita kwa sing'anga, ndi amene anamwalira kunyumba mulibemo. Mlatho ukakokoloka m'Januwale odwala amacepa pa fomu pamene m'midzi ya kutsidya akuculuka. Ndiponso m'madera ambiri muli anchito a zaumoyo a m'midzi amene amayeza malungo ndi kupereka mankhwala pakhomo. Odwala ao amalembedwa pa lipoti lapadera. Anchito oterewa akayamba m'dera, manambala a pa kiliniki amatsika ngakhale udzudzu ukali womwewo, ndipo wofuna kudziwa za malungo a dera lonse ayenera kuika malipoti awiriwo pamodzi, mosamala kuti wodwala amene anayezedwa kumudzi natumizidwa ku kiliniki asawerengedwe kawiri.

MATENDA OSADIKIRA KUTHA KWA MWEZI

Zonse takambazi ndi za lipoti la pamwezi, limene limayenda pang'onopang'ono. Wodwala wa pa 2 Malici amafika m'kompyuta ya pa boma m'mwezi wa Epulo. Pa kuitanitsa mankhwala ndi kuona mmene caka cikuyendera, kucedwa kotere kulibe bvuto. Koma pali matenda amene sadikira. Munthu mmodzi yekha woganiziridwa kolera, mwana wa zizindikiro za cikuku, kapena mwana amene miyendo yalefuka mwadzidzidzi monga zimacitikira ndi poliyo, amanenedwa ku boma tsiku lomwelo pa lamya, ndipo palinso lipoti la sabata ndi sabata la matenda oopsa otere. Amene akukumbukira kolera imene inayamba mu Okutobala 2023 ndi kupitirira mu 2024, pamene bwalo la masewera la Heroes ku Lusaka linasandutsidwa malo ogonekamo odwala, akudziwa liwiro la matenda amenewa.

Ngakhale zili tero, odwala amenewa amalowabe mu lipoti la pamwezi, ndipo apa pali kuyerekeza kotsiriza kumene anesi amacita asanatseke faelo. Ngati m'malipoti a masabata a Malici ananena za ana awiri oganiziridwa cikuku, pa fomu ya mwezi sipangakhale ziro. Masabata sagwera ndendende m'mwezi, sabata ina imayamba m'Malici nithera m'Epulo, kotero amayang'ana masiku m'lejisitala kuti aone mwezi umene mwana aliyense agwera.

Zikatha izi, m'makiliniki ambiri nambala ya mweziwo imalembedwanso pa cipepala cacikulu copacikidwa pa khoma, pamene miyezi yandandalikidwa kuyambira Januwale. A komiti ya zaumoyo ya m'mudzi ali ndi ufulu wociyang'ana ndi kufunsa. Pa khoma la kiliniki ya m'citsanzo cathu, pa Malici palembedwa 349, ndipo pansi pa 210 wa Febuluwale pali mau ang'onoang'ono a pensulo onena za masiku khumi amene tizipangizo tinatha.